Funsani Dokotala: Katemera wa chikuku anamudwalitsa, ndikabayitsirenjinso?

Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi chaka ndi miyezi itatu. Ali ndi miyezi 6 anamubaya katemera wa chikuku ali bwinobwino, koma patatha masiku 8 anatentha thupi n'kutuluka totupa pachifuwa. Ndinamupatsa Panado ndi amokisilini amene anatsala kwa mkulu wake. Apongozi anga kumudzi anati jakisoniyo ndi amene wamulowetsa chikuku, ndipo poti chatuluka, sadzadwalanso. Ndiye wa miyezi 12 sindinapite naye. Dzulo ku kireshi atiuza kuti mwana wina akumuganizira chikuku. Kodi wangayu ndi wotetezeka? Ku kiliniki ndikuopako, chifukwa tsiku linadutsa kalekale ndipo mapepala anga okhalira kuno ku South Africa anatha.
Mayi wa ku Rosettenville, ku Joni

Mayi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo ngakhale simunachilembe poyera. Simunamulakwire mwana pomutengera kukabayitsa. Kutentha thupi kotero timakuyembekezera mwa ana ena, ndipo mukanabwerera ku kiliniki sabata yomweyo, anesi akanakukhazikani mtima pansi m'mphindi zochepa. Pamene pavuta ndi pa jakisoni wachiwiri, ndi miyezi itatu imene yapita mukutsatira malangizo a apongozi a pafoni. Kodi ndi wotetezeka? Mwina inde, mwina ayi, ndipo palibe amene angadziwe pongomuyang'ana. N'chifukwa chake ndikufuna mawa m'mawa mukhale muli pamzere.

Taganizirani kaye za nthawi imene kutenthako kunayamba. Mwana wanu anabayidwapo kale ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, jakisoni uja woteteza matenda 6 nthawi imodzi. Ngati anavutika nthawi imeneyo, unali usiku womwewo kapena mawa lake, chifukwa m'katemera ameneyu mulibe chamoyo, muli tizidutswa ta tizilombo ndi tizilombo tofa kale basi, ndipo thupi limakwiya nato pompopompo n'kuleka. Wa chikuku ndi wina. Muli kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa, kamene akatswiri anakasunga m'maselo a m'labotale mibadwo yambirimbiri mpaka kanataya mphamvu yowononga thupi la munthu. Kachilombo kameneka kakalowa pansi pa khungu kamafunika nthawi kuti kaswane pang'ono, ndiye ngati mwana atenthe thupi, amatentha pakati pa tsiku la 7 ndi la 12. Zimachitikira ana 5 mpaka 15 pa 100 alionse, ndipo pafupifupi 5 pa 100 amatulukanso totupa tochepa. Zimatha zokha m'masiku awiri kapena atatu, ndipo mwanayo sapatsira mnzake aliyense. Tsiku lanu la 8 lagwera pakati penipeni pa nthawi imeneyi.

Tsono m'masiku amenewo m'thupi munkachitika chiyani?

Pansi pa khungu pamakhala maselo amene ntchito yawo ndi kutola chilichonse chachilendo. Akapeza kachilombo ka m'katemera amakameza, amakaduladula, n'kunyamula zidutswa zake kupita nazo ku timabere ta m'mphechepeche, m'khwapa ndi m'khosi, tomwe tikatupa mumati mwanabere. M'timabere timeneti mumadutsa maselo oyera a magazi miyandamiyanda, amene ambiri timawatcha asilikali a m'thupi. Chodabwitsa chake n'chakuti selo lililonse limazindikira kaumbidwe kamodzi kokha. Pa mamiliyoni onsewo, amene angagwirane ndi khungu la kachilombo ka chikuku ndi ochepa kwambiri. Ntchito yoyamba ya thupi ndi kuwapeza ochepawo. Akapezeka amayamba kugawikana, limodzi kukhala awiri, awiri kukhala anayi, mpaka atachuluka zedi. Ena a iwo amayamba kutulutsa maantibodi, timapuloteni timene timamatirira pa kachilombo kuti kasathe kulowa m'selo la munthu. Ena amasaka maselo amene kachilombo kalowamo kale n'kuwapha. Ntchito yonseyi imatenga masabata awiri kapena atatu, ndipo kutentha thupi kuja ndi chizindikiro chakuti ili m'kati.

Zili ngati telala amene mwapitako koyamba. Amayenera kukuyezani, kulemba miyezo, kudula, kukuyesani, kubweza pamene pathina, ndiye diresi limatuluka patapita masiku. Ulendo wachiwiri mungomuimbira foni, iye atsegula kope lake, ndipo mawa lake mukatenga chovala. Thupi nalo limasunga kope. Kachilombo ka m'katemera kakatha, ambiri mwa maselo aja amafa, koma ena amatsala kwa zaka zambiri ali ndi miyezo ya chikuku, ndipo ena amakakhazikika m'mafuta a m'mafupa n'kumathira maantibodi m'magazi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Chikuku chenicheni chikafika chimapeza maantibodi alipo kale, ndipo ena ambiri amapangidwa m'masiku ochepa. Nthawi zambiri mwana samva kanthu, inunso simudziwa n'komwe kuti anakumana nacho.

Mwana wosatemera nayenso thupi lake limachita zomwezi, sikuti limangokhala. Vuto ndi liwiro. Kachilombo ka chikuku kamalowa ndi mpweya, ndipo kwa masiku 10 mpaka 12 kamaswana mwakachetechete mwana akusewera ngati palibe kanthu. Pamene thupi likumaliza kuyeza ndi kudula, kachilombo kamakhala katafika kale m'mapapo, m'maso, m'matumbo ndi pakhungu. Katemera sapatsa mwana mphamvu yachilendo imene analibe. Amangochititsa kuti masabata ophunzira aja adutse pa nthawi imene mdani wake ndi wofooka.

Tsopano za apongozi anu. Sindikufuna muwaimbire foni n'kuwauza kuti dokotala wati akunama, chifukwa theka la mawu awo ndi loona. Munthu amene wadwala chikuku chenicheni n'kuchira sadwalanso moyo wake wonse. Amayi athu anaona zimenezi ndi maso awo, ndipo madokotala anazitsimikiza kalekale. Mu 1846 chikuku chinagwa pa zilumba za Faroe kumpoto kwa Ulaya, kumene chinali chisanafikeko kuyambira 1781. Dokotala wa ku Denmark, Peter Panum, anapeza kuti chinagwira anthu ochuluka kwambiri, koma nkhalamba zimene zinadwala zili ana mu 1781 sizinadwale, patapita zaka 65. Kope lija limakhalitsa choncho.

Pamene apongozi aphonya ndi poganiza kuti chimene mwana wanu anatuluka chinali chikuku. Iwowo, ngati analera ana zaka zimene katemera anali asanafike paliponse, akuchidziwa chikuku kuposa anesi achinyamata ambiri a kuno. Afunseni bwinobwino akufotokozereni mmene chimakhalira. Mwana amatentha kwambiri kwa masiku atatu kapena anayi totupa tisanaoneke. Amatsokomola, mamina ali chuchuchu, maso ali psuu ndipo amadana ndi kuwala. M'kamwa, m'kati mwa masaya, mumaoneka timadontho toyera. Kenako totupa timayambira kuseri kwa makutu ndi pamphumi n'kumatsika mpaka kumapazi, ndipo pakhungu lathu lakudali nthawi zina mumatimva ndi dzanja kuposa kutiona. Mwana amafookeratu, amakana bere ndi phala, ndipo akamachira khungu limasupuka. Mwana amene watentha masiku awiri, watuluka totupa tingapo pachifuwa, n'kudzuka kumasewera, sanadutse m'zimenezi.

Palinso mawu amene ndimawamva kawirikawiri m'chipinda choonera odwala, akuti chikuku ndi bwino chingotuluka, mwana akhwime. Amene amanena mawuwa amakumbukira ana amene anachira, chifukwa ndiwo alipo lero. Chikuku chimabweretsa chibayo, ndipo chibayo chimenechi ndicho chimapha ana ambiri a chikuku. Chimabweretsa kutsegula m'mimba, mafinya m'makutu, ndi zilonda za m'maso zimene zimasiya mwana wakhungu, makamaka amene akuperewera vitamini A. Mwana mmodzi pa 1,000 alionse ubongo umatupa. Kwathu ku Malawi, mliri wa 2010 unagwira anthu oposa 130,000 ndipo pafupifupi 300 anamwalira. Apongozi anu ayenera kuti chaka chimenecho akuchikumbukira.

Ndipo pali china chimene agogo athu sakanachiona ndi maso. Kachilombo ka chikuku kamakonda kulowa m'maselo okumbukira omwe aja n'kuwapha. Mwana amachira atachidziwa chikuku, koma ataiwala ena mwa matenda amene thupi lake linawaphunzira kale, ndiye kwa miyezi yambiri, nthawi zina zaka, amangodwaladwala. Uko sikukhwima. Kachilombo kofooka ka m'katemera sikachita zimenezi.

Mwina mukuti, chabwino adokotala, sichinali chikuku, koma poti anatentha ndiye kuti katemera anagwira, wachiwiri ngwachiyani? Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse kwambiri, chifukwa amayi ambiri a kwathu amene akulera ana kuno ku Joni amasokonezeka pamenepa.

Mwana amabadwa ndi maantibodi a mayi ake, amene amadutsa pa nsengwa m'miyezi yomaliza ya pakati. Ngati inu munabayidwa kapena munadwala chikuku muli mwana, munamupatsira ena a chikuku. Amenewa ndi obwereka. Thupi la mwana silidziwa kuwapanga, ndipo amatha pang'onopang'ono m'miyezi yoyambirira, mwa ana ena msanga, mwa ena mochedwerapo. Akakhala kuti atsala ambiri pa tsiku la jakisoni, amagwira kachilombo ka m'katemera kasanaswane, ndiye thupi la mwana silipeza mpata wokayeza. Jakisoni wabayidwa, m'kabuku mwalembedwa, koma kope lilibe kanthu. Kuonjezera apo, chitetezo cha khanda la miyezi 6 chimakhala chisanakhwime ngati cha mwana wa chaka.

N'chifukwa chake msinkhu uli ndi kanthu. Katemera wa chikuku akaperekedwa kamodzi pa miyezi 9, amagwira mwa ana pafupifupi 85 pa 100. Akaperekedwa pa miyezi 12, amagwira mwa pafupifupi 95 pa 100. Pa miyezi 6 amagwira mwa ocheperapo kuposa pa miyezi 9. Dziko lililonse limasankha pakati pa zinthu ziwiri zovuta: kubaya msanga kuti makanda asagwidwe, podziwa kuti ena katemera sawagwira, kapena kudikira kuti agwire bwino, podziwa kuti ena adwala asanafike tsiku. Ku Malawi amabaya pa miyezi 9 ndi 15. Kuno ku South Africa amabaya pa miyezi 6 ndi 12. Mwa njira ya kunoyi, jakisoni wa miyezi 12 si wongowonjezera ngati ndiwo zapambali. Ndiye amene amatola ana onse amene woyamba anawaphonya, ndipo amalimbitsa chitetezo cha amene woyamba anawagwira mofooka. Mwana amene walandira wa miyezi 6 yekha timamuwerenga kuti sanamalize.

Nanga kutentha kuja sikukutiuza kuti wanu ali m'gulu la amene anagwidwa? Kukupereka chiyembekezo, koma si umboni. Mwana wa miyezi 6 amene ali ndi mkulu wake m'nyumba amatola timatenda tambiri totenthetsa thupi ndi kutulutsa totupa, ndipo kena mwa timeneti kakhoza kugwera m'sabata yomweyo mwangozi. Komanso ana ochuluka amene katemera amawagwira bwino satentha n'komwe. Kuyeza magazi kuti tione maantibodi n'kotheka, koma n'kodula ndiponso kochedwa kuposa kungomubaya wachiwiri, ndipo mwana amene ali kale ndi chitetezo wachiwiriyo samupweteka. Maantibodi ake amangokagwira kachilomboko n'kuthana nako, n'chifukwa chake kutentha thupi sikuchitikachitika pa jakisoni wachiwiri.

Za amokisilini sindingazilumphe. Amokisilini amapha mabakiteriya, pamene chikuku ndi katemera wake ndi vairasi, ndiye sanathandize kanthu. Choipirapo n'chakuti mankhwalawa pawokha amatulutsa totupa mwa ana ena, ndipo lero palibe amene angakuuzeni ngati totupa tija tinachokera ku katemera kapena ku botolo lanu. Wamadzi uja akasungunulidwa amakhala sabata imodzi kapena ziwiri basi, osati miyezi. Ndipo ngati anatsala, ndiye kuti mkulu wakeyo sanamalize mankhwala ake. Botolo lotere likapezekanso m'nyumba, lipititseni ku kiliniki akalitaye. Panado munachita bwino, bola muyezo ukhale wa kulemera kwa mwana. Mwana wa makilogalamu 10 amamwa mamililita 5 a Panado wa madzi wa ana, pakadutsa maola 6, osapitirira kanayi pa tsiku, ndipo yezerani ndi sirinji kapena kasupuni ka m'bokosi, osati supuni ya tiyi. Ufa uja wa mutu wa Grand-Pa umene umapezeka m'sipaza iliyonse musamupatse mwana ngakhale pang'ono, muli asipirini, ndipo asipirini kwa mwana wodwala vairasi akhoza kuwononga chiwindi ndi ubongo.

Chifukwa chimene ndikukufulumizitsirani ndi nkhani ya ku kireshi. Chikuku chili m'gulu la matenda opatsirana kwambiri amene timawadziwa. Wodwala amayamba kupatsira anzake masiku 4 totupa tisanatuluke, ndipo amapitiriza masiku 4 titatuluka. Kachilombo kamatsala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwalayo atachoka. Pa ana 10 opanda chitetezo amene akhala naye pafupi, 9 amadwala. Musaganize kuti ndi matenda a kumudzi okha. Mliri umene unayamba ku Limpopo chakumapeto kwa 2022 unafika mpaka kuno ku Gauteng. Mmene timakhalira ambiri a ife, mabanja angapo m'nyumba imodzi, khitchini ndi bafa zogawana, kachilombo kotere sikavutika kuyenda.

Katemera akaperekedwa pasanathe maola 72 mwana atakumana ndi wodwala, akhoza kuletsa matendawo kapena kuwachepetsa mphamvu, chifukwa wolowa pa jakisoni amafika ku timabere msanga kuposa wolowa ndi mpweya. Mwina maolawo adutsa kale, poti mwana winayo anayamba kupatsira asanadziwike. Ngakhale zili choncho pitani, chifukwa sitikudziwa ngati mwana winayo alidi ndi chikuku. Zimatsimikizika ndi magazi, amene amatumizidwa ku labotale ya boma ya NICD ku Sandringham, ndipo zotsatira zimatenga masiku. Musadikire zimenezo.

Nyamulani kabuku kake ka sikelo ka Road to Health, ndi ka mkulu wake komwe. Pa tsamba la katemera muona mzere wa miyezi 12 uli wosalemba, pamene palembedwa Measles kapena MR, poti masiku ano katemera wa chikuku amaphatikizidwa ndi wa rubela. Kuchedwa sikuchititsa kuti ayambirenso poyamba. Amubaya wachiwiriyo tsiku lomwelo n'kulemba. Auzeni anesi zinthu zitatu: kuti ku kireshi kuli mwana woganiziridwa chikuku ndi tsiku limene anakhala naye komaliza, zimene zinachitika atabayidwa woyamba, ndi za amokisilini. Apempheni aonenso ngati analandira wa chibayo wa miyezi 9 ndi vitamini A, chifukwa mayi amene wathawa tsiku limodzi nthawi zambiri amakhala atathawanso lina. Chimfine chochepa si chifukwa chobwezera mwana. Koma ngati ali ndi HIV, akulandira mankhwala a khansa, wamwa nthawi yaitali mankhwala ofooketsa chitetezo, kapena anatupa nkhope n'kubanika atabayidwa jakisoni wina, nenani asanabaye, poti katemerayu ndi wamoyo. Ana a HIV amene ali bwino pa mankhwala amabayidwa, koma wosankha akhale amene wamuona mwanayo. Inunso ngati muli ndi pakati ndipo simukudziwa ngati munabayidwa, nenani. Woyembekezera sabayidwa katemerayu, koma amafunika kuonedwa mwapadera.

Kukalipiridwa mwina kukhalapo, sindikunamizani. Anesi ena pakamwa ndi powawa, ndipo Chizulu cha mwaukali chimapweteka kwambiri ukakhala mlendo. Lolani mawuwo adutse, mwana abayidwe. Za mapepala, lamulo la dziko lino limati ana osakwana zaka 6 ndi amayi oyembekezera ndi oyamwitsa athandizidwe mwaulere m'zipatala za boma, ndipo mu 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng linagamula kuti zimenezi zikukhudza onse, posatengera dziko limene munthu wachokera kapena mapepala amene ali nawo. Ndikudziwa kuti pa mageti ena pamaima anthu amene si ogwira ntchito pachipatala n'kumabweza alendo. Mukakumana nazo musakangane nawo. Pemphani kuonana ndi sisitala wamkulu, ndipo zikakanika pitani ku kiliniki ina tsiku lomwelo. Mafamase ena akuluakulu alinso ndi anesi obaya ana pa kandalama, ngati mthumba mungalole. Kupita ndi mnzanu wodziwa chinenero kumathandiza.

Zonsezi ndi ngati mwana ali bwino. Kuyambira tsiku limene anakhala ndi mnzake uja, muyang'anireni kwa masiku 21. Akayamba kutentha thupi limodzi ndi chifuwa, mamina kapena maso ofiira, asapite ku kireshi kapena kutchalitchi, ndipo mukafika naye ku kiliniki musakhale pabenchi pakati pa makanda. Uzani wa pakhomo kuti mukuganizira chikuku kuti akuikeni padera. Kumeneko amupatsa vitamini A tsiku lomwelo ndi mawa lake, ndipo amutenga magazi. Akamapuma mothamanga kapena nthiti zikamalowa m'kati, akakana kuyamwa ndi kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamangogona osadzutsika, kapena diso likachita mtambo, pitani kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Akangotentha pang'ono patatha sabata kuchokera pa jakisoni wa mawayu, popanda chifuwa ndi maso ofiira, mwina ndi katemera, koma poti anakhala ndi woganiziridwa chikuku, kamuonetseni ndithu.

Ngati mukukonza zopita kumudzi pa Khirisimasi, mwana akhale atabayidwa masabata atatu musanakwere basi, chifukwa masiku awiri m'basi yotseka mawindo ndi mizere ya pa Beitbridge ndi malo amene chikuku chimayenda mosavuta. Kabuku ka kuno mukapite nako, ndipo mukakhalitsa kumeneko mukakaonetse ku sikelo kuti aone zimene analandira kale asanalembe zawo.